Ndikonze bwanji bolodi la zithunzi ndi malamulo a kajambulidwe ndisanayambe masamba enieni a buku?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munajambulapo mabuku a ana. Ndapatsidwa ntchito yojambula buku la masamba 24, ndipo nkhani yake ndi ya mtsikana wa m'mbali mwa nyanja amene amadikira agogo ake aamuna akapita kukapha usipa usiku. Mwini nkhani wanena kuti ndisanayambe masamba enieni akufuna aone kaye bolodi la zithunzi zosonyeza maonekedwe a bukulo, pamodzi ndi pepala la malamulo a kajambulidwe. Zithunzi ndasonkhanitsa zambiri, koma ndikaziika pamodzi sizikugwirizana: zina ndi za utoto wamadzi wofewa, zina ndi za mizere yakuda yolimba, ndipo zonse zikundikomera. Ndisankhe bwanji, nanga papepala la malamulolo ndilembepo chiyani kwenikweni? Ndimajambulira pakompyuta mu pulogalamu ya Krita, ndipo bukulo lidzasindikizidwa papepala losanyezimira.

Woyankha woyamba: Achimwene, pindani mapepala, mujambule timabokosi 24, ndipo m'kabokosi kalikonse muike mwachidule zimene zikuchitika patsambalo. Mwini nkhani akaona zimenezo adzakhutira.

Mayi wojambula mabuku a ana: Timabokosito ndi tofunika, bambo, koma timayankha funso lina, loti patsamba lililonse pakuchitika chiyani. Anzathuwa afunsidwa za mmene zinthuzo zidzaonekere.

Inu ofunsa, vuto lanu ndi lakuti mwaika mulu umodzi zithunzi za ntchito ziwiri zosiyana. Gulu loyamba ndi la zinthu zenizeni: bwato lakumba pamtengo limaoneka bwanji kutsogolo kwake, nyali amazimangirira pati, thandala loyanikapo usipa ndi lalitali kufika pati munthu akaima pambali pake, khoka amalinyamula bwanji. Zithunzi zimenezi n'zokutetezani kuti musajambule bodza, chifukwa mwana wa kunyanja adzazindikira msanga bwato lolakwika, ndipo ngati mungathe kukazijambula nokha ndi foni zingakuthandizeni kuposa za pa intaneti. Gulu lachiwiri ndi la maonekedwe, ndipo limeneli ndilo liyenera kuchepa kwambiri. Musanasankhe chithunzi chilichonse, lembani chiganizo chimodzi chonena zimene mwana ayenera kumva mumtima akatsegula bukulo. Pa nkhani yanuyi ine ndikanalemba kuti usiku ndi waukulu koma suopsa, chifukwa pali nyali. Kenaka chithunzi chilichonse muchifunse ngati chikuthandiza chiganizocho, ndipo chimene chikungokongola chokha muchichotse, ngakhale mukuchikonda. Zikatsala pakati pa 8 ndi 12, pansi pa chilichonse mulembepo chinthu chimodzi chimene mukutengapo, monga "kuwala kwa nyali pamadzi kokha" kapena "m'mphepete mofewa mwa mitambo". Mukapanda kulemba, mwini nkhani adzaona chithunzi cha mnzanu n'kuganiza kuti buku lake lidzafanana nacho ndendende, ndiponso inuyo mudzakopera ntchito ya wina osadziwa.

Woyankha wachitatu: Ine ndimajambula zikwangwani ndi zithunzi zoika pa Facebook, ndipo sindinaonepo phindu lodzimanga ndi malamulo. Mitundu imabwera yokha munthu ukamajambula. Chachikulu n'choti musankhe CMYK, mitundu ya inki yosindikizira, poyamba penipeni, basi, zotsalazo zidzayenda.

Bambo wogwira ntchito yosindikiza: Pa chithunzi chimodzi mukunena zoona, koma buku limatha miyezi, ndipo dzanja la munthu limasintha iye osaona. Ndalandirapo mabuku amene diresi la mwana mmodzimodziyo ndi lofiira koyambirira koma kumapeto likupita ku olenji. Za CMYK mwakhudza pamene pali vuto, ngakhale kuti ojambula ambiri amajambulabe mu RGB, mitundu ya pa kompyuta, n'kumayesa popita. Mu Krita mukadina Ctrl+Y mumaona pafupifupi mmene inki idzatulutsire mitunduyo, malinga mwaikamo ICC profile imene osindikiza anu amagwiritsa ntchito, fayilo yofotokoza mmene makina awo amatulutsira mitundu, ndipo Ctrl+Shift+Y imakusonyezani mitundu imene inki singaikwanitse. Buluu wowala wa madzi a m'nyanja ndiye amagwa msanga. Komanso pepala losanyezimira limamwa inki, timadontho timafalikira, ndiye mitundu yakuda imada kuposa pa kompyuta. Nkhope ya mwana wakuda pansi pa thambo la usiku ingathe kumira yonse, maso okha n'kutsala. Mufunsenso muyeso weniweni wa tsamba. Nthawi zambiri timapempha mamilimita 3 owonjezera m'mbali kuti tidulepo, ndi 300 dpi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, bambo. Zimene mwanena za nkhope ndi zimene zikundidetsa nkhawa, chifukwa pafupifupi theka la nkhaniyi likuchitika usiku. Kodi ndiyeretse khungu la mtsikanayo pamasamba a usiku?

Mayi wojambula mabuku a ana: Ayi, musatero, chifukwa adzasanduka mwana wina. Nkhani imeneyi ndiyo iyenera kuthera papepala la malamulo. Sankhani mitundu itatu ya khungu lake, wapakati, wamthunzi ndi wowala, muipake m'timabokosi ndi kulemba nambala zake pansi, mwachitsanzo #6B4226 wapakati, #3F2618 wamthunzi ndi #B9793F pamene nyali yamugunda. Nambalazi ndi zoyambira chabe, mudzazisintha mukaona papepala. Kenaka ikani lamulo lakuti usiku nkhope isakhale pamwamba pa mdima wofanana nayo: mwina kumbuyo kwake kukhale madzi owala ndi mwezi, mwina nyali imuwalitse m'mphepete mwa tsaya ndi pamphumi. Thambo lisakhale lakuda bii, koma buluu wozama amene akupita kotuwa pang'ono. Poyesa, pangani kope la chithunzicho, muchotse mitundu yonse ndi Desaturate, muchichepetse kufika pa kukula kwa bokosi la machesi. Ngati simukuona msanga pamene pali nkhope, vuto lili pa kuwala ndi mdima, ndipo kusintha mitundu sikungalithetse.

Papepala lomwelo muimike mtsikanayo ndi agogo ake pamzere umodzi, mulembe kuti msinkhu wa aliyense ndi mitu ingati, monga inayi kwa mwana ndi isanu ndi umodzi kwa agogo, ndipo aliyense aoneke kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo. Lembaninso dzina la burashi ndi kukula kwake, ndiponso zimene simudzachita, monga kusagwiritsa ntchito mzere wakuda pamadzi. Ngati mtsikanayo wavala chitenje, sankhani maluwa amene mungathe kuwabwereza patsamba lililonse osatopa, chifukwa a chitenje chenicheni ndi ochuluka kwambiri.

Mukatha, musayese malamulowo ndi chikuto kapena tsamba losavuta. Jambulani tsamba lovuta koposa, la mabwato ndi nyali pakati pa nyanja, ndi lina limodzi la masana pathandala, muwasindikize papepala lofanana ndi la bukulo, muwaike pambali pa linzake. Akaoneka ngati a buku limodzi, pitani nawo kwa mwini nkhani.

Woyankha wachitatu: Ndiye apite ndi kajambulidwe kamodzi kokha? Ine kasitomala ndimamupatsa ziwiri kuti asankhe yekha.

Mayi wojambula mabuku a ana: Ine ndimapita ndi kamodzi, chifukwa mukapereka ziwiri nthawi zambiri amapempha kuti muziphatikize, ndipo zija munazilekanitsa pabolodi zimabwereranso pamodzi.

Bambo wogwira ntchito yosindikiza: Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono, mayi. Ndaona eni nkhani akuvomera kamodziko chifukwa chosowa chofanizira, kenaka n'kudzasintha maganizo masamba atatha kale. Kaya ndi kamodzi kaya ndi ziwiri, asaine papepala losindikizidwalo, osati kungovomera chithunzi chimene waona pa WhatsApp, popeza foni iliyonse imaonetsa mitundu mwa njira yake.

Wofunsa: Ndamva. Ndiyamba ndi tsamba la nyali lija, koma ndikufunsenibe, bambo: ngati osindikiza sanasankhidwe mpaka pano, kodi kuyesa pa makina a laser a m'tauni kungandiuze zoona za mdimawo, kapena ndidikire?