Za wotchi ndi foni zosiyana masitepe: ndaona izi

Mwezi watha ndinafunsa kuti: "Wotchi yanga ikuti ndayenda masitepe 9,000, foni ikuti 6,500. Ndikhulupirire iti?" Zikomo nonse munayankha. Ndayesa ndekha.

Ndinayenda masitepe 500 ndikuwerenga chamumtima, foni ili m'thumba la thalauza. Foni inapeza 496, wotchi 489. Ndiye poyenda bwinobwino, manja akugwedezeka, zonse zimalondola. Kusiyana kumabwera tsiku likamapita.

Zida ziwirizi siziona mapazi. M'kati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka, ndipo pulogalamu ndi imene imaganiza kuti apa munthu waponda. Wotchi imamva dzanja, foni imamva pomwe mwaiika. Loweruka ndinachapa zovala pamanja nditakhala pampando, wotchi n'kundipatsa masitepe oposa 300 ndisanasunthe phazi. Madzulo ake ndinakankha wilibala ya mchenga, manja ali nganganga pa zogwirira, ndipo wotchi inandidyera pafupifupi theka la masitepe pomwe foni inkawerenga bwino. Koma foni nayo ndimaisiya patebulo ndikamazungulira pakhomo, ndipo zonsezo sizilowa.

Pa chiwerengero cha tsiku lonse ndikukhulupirira wotchi, chifukwa sichoka pathupi, bola ndizikumbukira kuti tsiku lochapa imawonjezera. Pa ulendo umodzi, makamaka manja akanyamula katundu, foni ya m'thumba ndiyo yoona. Ndasamutsiranso wotchiyo kudzanja lamanzere, lomwe siligwira ntchito kwambiri, ndi kuiuza zimenezo m'masetingi. Masitepe abodza achepa.