Ndalama za chigayo chathu: zokambirana za gulu la banki khonde ku Chinamwali

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndaona kuti ndilembe pano tisanakumane Loweruka, kuti aliyense abwere atadziwa. Mu Juni, mwezi umene tinkasinthana kukhala pachigayo tokha, tinagaya ndowa 1,200 ndipo mita ya magetsi inadya mayunitsi 900. Mu Seputembala mita yadyanso mayunitsi 900, koma buku la mtsikana wathu wolandira ndalama likuonetsa ndowa 850. Ndowa 350 sizikuoneka. Pa mtengo wa K1,500 pa ndowa, ndi K525,000. Pali chinanso. Ndowa 850 zimenezo zimayenera kubweretsa K1,275,000, koma buku la amsungichuma likuti analandira K1,190,000.

Amayi a salaula: Ndiye mukudikira chiyani? Mtsikanayo achotsedwe mawa lomwe, ndipo malipiro a mwezi uno asalandire. Ifetu tinaika masheya athu m'chigayo chimenechi kuti pogawana mu Disembala tidzapeze ya feteleza.

Msungichuma: Asisi, tayankhulani mofatsa. Mtsikanayo ndi mwana wa achemwali anga, ndamulera ndine, sanatengepo ngakhale K100 m'nyumba mwanga. Pa K85,000 ya pakati pa buku lake ndi langa, wandiuza kuti K60,000 anagulira lamba ndi girisi tsiku lomwe lamba anaduka. K25,000 yotsalayo mwina ndi ine ndinaiwala kulemba, mwina ndi iye anawerenga molakwa. Amabweretsa madzulo ine ndili pamoto, ndimangolandira.

Amayi a salaula: Lisiti la lambayo lili kuti?

Msungichuma: Akuti wogulitsayo sanapereke.

Akalaliki opuma: Amayi, ndiloleni ndiikepo mawu. Ndagwira ntchito ya mabuku a ndalama mpaka kupuma, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti pa zimene zalembedwazi palibe angatsimikize kuti watenga ndi uje. Mtsikanayo sangathenso kudziyeretsa ngakhale atakhala kuti sanatenge kanthu. Taonani zimene tinamusenzetsa. Amalandira ndalama kwa ogayitsa ndi iye. Amalemba chiwerengero cha ndowa ndi iye. Lamba akaduka, amaganiza yekha zogula, n'kutenga ndalama m'kabati, n'kukagula yekha. Madzulo amanyamula zotsala kupita nazo kwa amsungichuma, ndipo palibe amasayina. Akalemba ndowa 30 pamene zagayidwa 42, ndalama ndi buku zigwirizanabe bwinobwino, chifukwa dzanja lolandira ndi lomwelo lolemba.

Chodabwitsa n'chakuti ife tomwe pabokosi la gulu sitichita zimenezi. Maloko ndi atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, wosunga bokosi alibe kiyi, owerenga ndalama ndi awiri, mlembi amalemba osakhudza ndalama. Kuchigayo, komwe kumadutsa ndalama zoposa miliyoni pamwezi, tinasiyira zonse mwana mmodzi.

Abambo a kabaza: Koma nkhani ya mitayi musaikhulupirire kwambiri. Ndinagwirapo pachigayo ku Songani ndili mnyamata. Nyundo zikatha, kapena sefa ikatsekeka, ndowa imodzi imachedwa kutuluka ndipo magetsi amapita ambiri. Mphale yosauma bwino nayo imadya magetsi kuposa chimanga chouma cha mgaiwa. Komanso mnyamata wathu wogaya uja amasiya injini ikungolira akudikira munthu wina. Ine ndikuti palibe ndalama yasowa, makina ndi amene akalamba.

Akalaliki opuma: Achimwene mwanena zoona mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake sindinganene kuti K525,000 yonse yabedwa. Mita imangotichenjeza, siitchula munthu. Koma werengani bwino. Mu Juni mayunitsi 3 ankagaya ndowa 4. Mu Seputembala mayunitsi 3 sakukwanitsa ndowa 3. Nyundo zitafika pamenepo m'miyezi itatu, ogayitsa akanadandaula za mzere ndi ufa wamiseremisere. Alipo wamva dandaulo? Tiyese Lolemba: awiri a ife akhale pachigayo tsiku lonse, alembe nambala ya pamita m'mawa ndi madzulo, awerenge ndowa iliyonse. Makina akakhala olakwa, zioneka tsiku lomwelo. Ndipo dziwani kuti nambala ya mayunitsi tikuikhulupirira chifukwa amagula ndi amlembi pafoni ya gulu, ndiponso amawerenga mita ndi iwo. Ndi nambala yokhayo yomwe siidutsa m'manja mwa wolandira ndalama.

Agogo osunga kiyi: Ana anga, ine ndinene changa. Mwezi wathawu ndinagayitsa ndowa ziwiri za pa chinkhoswe cha mdzukulu wanga, ndinati ndilipira ndikalandira. Mtsikanayo anati chabwino agogo. Sindikudziwa ngati analemba. Ndipo si ine ndekha amene ndimatero, ena muli chete pano.

Mlembi: Agogo zikomo ponena poyera. M'bukumo mulibe tsamba la ngongole ngakhale limodzi.

Wapampando: Nanenso ndinamuuzapo kawiri kuti agaye za kumaliro osalipiritsa. Ndinaona kuti ndi udindo wanga ngati wapampando.

Akalaliki opuma: Mwaona tsono. Ndowa 350 zija zayamba kupezeka, ndipo zina zili m'nyumba zathu. Mwana wa zaka zake angakanize agogo kapena apampando? Chilolezo cha ngongole ndi cha zaulere chisakhale pakamwa pa munthu amene akugayitsa, ndipo chisakhale kwa wolandira ndalama. Chikhale cholembedwa, chosayinidwa ndi awiri a komiti, ndipo amene akupindula asakhale mmodzi wa osayinawo.

Asisi a okala: Ine zonsezi ndikuona ngati zotaya nthawi. Pa okala yanga ndimagulitsa ndekha, kulemba ndekha, kukapikula ndekha kutauni, ndipo palibe chimasowa. Mukufuna tilembe antchito asanu pachigayo cha ndowa 40 patsiku? Tiwalipira chiyani?

Mlembi: Asisi, okala ndi yanu, mukadzibera mwadzibera nokha. Chigayo ndi cha anthu 22.

Akalaliki opuma: Sitikulemba wina aliyense. Antchito awiri omwewo akwanira, ife eni ake tingotenga mbali zomwe sakuyenera kugwira. Ndifotokoze mmene ndikuonera.

Tigule mabuku a malisiti okhala ndi manambala otsatizana ndi kaboni, amapezeka m'mashopu a mabuku kutauni. Mabuku osagwiritsa ntchito asunge amlembi, azipereka limodzi limodzi, mtsikanayo asayine kuti walandira kuyambira nambala yakuti mpaka yakuti. Wogayitsa akalipira, mtsikana alembe tsiku ndi chiwerengero cha ndowa, apereke lisiti lapamwamba, la kaboni litsale m'buku. Mnyamata wogaya asakhudze ndalama ngakhale pang'ono, ndipo asathire chimanga m'makina popanda lisiti. Akalandira lisitilo aone ngati ndowa zikugwirizana, aling'ambe pakona kuti lisabwerenso, aliponye m'kabokosi kokhoma komwe kiyi wake ali ndi membala wina, osati amsungichuma.

Madzulo mtsikana ndi amsungichuma awerengere limodzi ndalama, onse asayine m'kope limodzi, mzere umodzi. K25,000 yomwe tikukangana lero sikanakhalapo. Kamodzi pa sabata membala wa kiyi uja atsegule kabokosi, aphatikize ndowa za pamalisiti, afananize ndi kaboni, ndi kope losayinirana, ndi mita. Nambala ya lisiti ikadumpha, afunse tsiku lomwelo. Lisiti lolakwika lisang'ambidwe m'buku, lingolembedwa kuti lafafanizidwa, lapamwamba ndi la kaboni onse atsale momwemo.

Za lamba ndi girisi, ndalama zogayitsa zisagulirenso kanthu. Zipite zonse kwa amsungichuma. Mnyamata anene chomwe chawonongeka, apampando avomereze, amsungichuma atulutse ndalama, wogula abwere ndi lisiti, ndipo lamba wakale aonetsedwe kwa amlembi.

Abambo a kabaza: Nanga awiriwo akagwirizana? Mtsikana alandira ya ndowa zitatu, alemba imodzi, mnyamata agaya zitatu, madzulo agawana. Kabokosi kanuko sikaona kanthu.

Akalaliki opuma: Eya, pamenepo malisiti agonja. Kugawa ntchito kumatchinga munthu mmodzi, sikutchinga awiri ogwirizana. Chomwe chimatsala ndi mita, ndi ife kumafika mosayembekezeka, tsiku losadziwika, kuwerenga ndalama za m'kabati ndi kufananiza ndi kaboni nthawi yomweyo. Tikhomenso chikwangwani chakuti wogayitsa aliyense aone kuti lisiti lake lalembedwa ndowa zonse zomwe walipira. Ndipo kamodzi pa miyezi ingapo mtsikana apume sabata, membala akhale pampando wake. Ndowa zikakwera sabata imeneyo popanda chifukwa, tidziwa pofunsa.

Msungichuma: Ndiye kuti nanenso simukundikhulupirira? Ndasunga bokosi la gululi chiyambire, silinasowepo tambala.

Wapampando: Amayi, palibe akukutchani wakuba. Koma inunso onani: wopereka ndalama ndi mwana wanu, wolandira ndinu. Anthu aziyankhula basi, ngakhale zonse zili bwino. Ine ndinali kuganiza kuti ndalama za chigayo azilandira wowerenga ndalama mmodzi, inu muzisungabe bokosi.

Msungichuma: Ndiganizire kaye. Zandipweteka.

Amayi a salaula: Zonsezi ndi za mawa. Ine ndikufunsa za K525,000 ndi K85,000. Alipira ndani? Ndikuti zidulidwe kumalipiro a awiriwo mpaka zitakwana.

Akalaliki opuma: Kudula malipiro a munthu popanda umboni kungatifikitse ku ofesi ya leba, ndipo kumeneko tikaonetsa chiyani? Buku lomwe sitinaliyang'anepo miyezi itatu? Tiyambe ndi zomwe zingapezeke. Aliyense amene anagayitsa pangongole kapena mwaulere auze amlembi ndowa zake. Lamba ali pamakinapo, achimwene a kabaza akamuone ngati ndi watsopano, akafunsenso mtengo wake kumsika. Lolemba tiyese mita. Zotsala pamenepo ndi zomwe tikambirane ndi antchitowo, aliyense payekha.

Amayi a salaula: Ndipo zikatsala K300,000 zopanda mwini? Ine sindivomera kuti zichoke pa phindu langa.

Asisi a okala: Ndipo wotsegula kabokosi sabata iliyonseyo akhala ndani? Ine Loweruka ndimakhala kokapikula. Ntchito imeneyi ndi ya maola awiri, musaipeputse.

Mlembi: Ineyo sindingatsegule, chifukwa mabuku a malisiti akhala kwa ine ndipo mita ndimawerenga ndine. Pafunika wina. Pakadali pano alembetsa anthu anayi, ndowa 19 zangongole ndi 12 zakumaliro. Ena ndikudikira, mutha kundilembera kumbali ngati pano mukuchita manyazi. Loweruka 2 koloko kwa apampando, amsungichuma mubwere ndi kope lanu, ine ndibwera ndi buku la kuchigayo.

Agogo osunga kiyi: K3,000 yanga ndibwera nayo. Koma mtsikanayo aitanidwenso, asamve nkhani yake kuchitsime.