Za chithunzi cha miyala chija: tachimasula

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Mwana wanga wa Fomu 3 kuno ku Zomba wapatsidwa chithunzi cha miyala yosanjikizana, yopindika, komanso yoduka. Tingadziwe bwanji chimene chinayamba?"

Zikomo nonse amene munayankha. Tinayambira pansi, chifukwa mwala wapansi ndiwo wakale, pokhapokha ngati miyalayo inatembenuzika. Pansi penipeni panali mwala wa dongo, kenako wa mchenga, kenako wa laimu. Itatuyi inapindika mofanana, ndiye kuti kupindikako kunachitika yonse itayalidwa kale.

Pa mng'alu ndi pamene tinachedwa. Mwanayu ankati mng'alu ndiwo womaliza, poti ukuoneka kwambiri. Koma titautsatira ndi pensulo, unadula miyala yopindika ija n'kuthera pa mzere wokumbikakumbika. Pamwamba pa mzerewo panagona mwala wa nsangalabwi, wosapindika, wosaduka. Choncho mng'alu unabwera kupindika kutachitika, kenako madzi anakokolola pamwamba pake, ndipo nsangalabwi zinayalidwa pomaliza.

Kukokolokako n'kumene ana ambiri amaiwala kulemba, chifukwa kulibe mwala wakewake. Kumangooneka ngati mzere basi.