Netiweki ya pashopu ya fotokope ikumathawa masana okhaokha, ndiyambire pati?

Yamikani: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndi shopu ya fotokope cha ku Chikanda, netiweki ndinaika ndine: rauta ya 4G, swichi ya mapoti 8, makompyuta awiri pa kebulo, pulinta. Mayi ake a shopuyo andilembera izi:

"Achimwene mwaswera bwanji. Vuto lija silinathe. Kum'mawa zonse zimayenda bwinobwino, koma ikangokwana cha m'ma 2 koloko intaneti imathawa. Pulinta nayonso imakana, ana asukulu amangoima ndi mapepala awo osasindikizidwa mpaka ena kupita kwina. Tikazimitsa kabokosi kaja n'kuyatsanso zimabwera pang'ono, kenako zathawanso. Dzuwa likapendeka cha m'ma 5 zimakhala bwino zokha. Bandulo ilimo, ndinagula ya mwezi. Chonde bwerani, kapena mundiuze ngati ndigule kena."

Ine ndikapitako kum'mawa ndimapeza zonse zili bwino. Makebulo ndayesa, alibe vuto. Sindikufuna kuwagulitsa rauta ina kenako vuto n'kukhalapobe.

Che Jafali: Imeneyo ndi nsanja ya kampani ya mafoni basi. Masana ophunzira onse kumeneko amakhala pa foni, nsanja imadzaza. Ikanimo simukhadi ya kampani ina, nkhani yatha.

Tiyamike: Che Jafali, werenganinso uthenga wa mayiwo. Akuti pulinta nayonso imakana. Kompyuta ikamatumiza ntchito ku pulinta sidutsa pa nsanja, zimathera m'shopu momwemo. Nsanja itadzaza, intaneti ingachedwe koma kusindikiza kuzichitikabe. Yamikani, usagule kanthu. Ukakhaleko 1 koloko isanakwane, pa kompyuta ya kebulo utsegule mawindo awiri uwasiye akuyenda:

```
ping -t 192.168.0.1
ping -t 8.8.8.8
```

Woyambayo uikepo adiresi ya rauta yako, wachiwiriyo ukuyesa ngati ukufika kunja pa intaneti. Ukafa wachiwiri wokha, Che Jafali akunena zoona. Akafa onse awiri, vuto lili m'nyumbamo. Ndiye zikangobwerera ulowe mu rauta uone yakhala ikuyaka kwa nthawi yaitali bwanji. Ikamaonetsa mphindi zitatu pomwe palibe anaigwira, ndiye kuti ikumadzizimitsa yokha, uziganiza za moto kapena kutentha.

Mphatso: Kutentha kumeneko. Mwezi wa Okutobala uno mashopu a malata opanda siling'i amakhala ngati uvuni. Rauta munaiika pati? Ine ku Matawale ndinaipeza ili pamwamba pa shelefu, pafupi ndi malata, atafunditsa kansalu kuti isalowe fumbi. Kuigwira inkaotcha. Ndinangoitsitsa n'kuchotsa kansaluko, sanandiimbirenso.

Yamikani: Ili pamwamba ndithu, ndinaika dala pafupi ndi zenera chifukwa pansi siginolo imafooka. Koma kansalu palibe.

Che Jafali: Mwaona? Siginolo ndi yofooka kale. Simukhadi.

A Banda a ku Chinamwali: Ana anga, musathamangire. Kutentha n'kotheka, koma funsani kaye kuti masana m'shopumo mumayatsidwa chiyani chimene kum'mawa chimakhala chozima. Nthawi imene mayiwo akutchulayo ndi imenenso makasitomala amachuluka. Makina a fotokope akamatenthetsa chowotchera inki amakoka moto wopitirira mawati 1,000, kuwonjezapo lamineta. Ngati rauta ili pa ekisitenshoni imodzi ndi zimenezo, makamaka maekisitenshoni a pamsika omwe mabowo ake amakhwepa, moto umaphethira ndipo rauta imayambiranso. Ikamayambiranso imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti igwire netiweki, isanakhazikike fotokope yakokanso. Mwini shopu amangoona ngati yathawa masana onse.

Adaputa yabwino ya rauta yolembedwa 100-240V siyenera kugwa chifukwa moto wa 230 watsika pang'ono. Koma ikakalamba, makapasita a m'kati akafufuma, imagwa msanga, ndipo kutentha kumaonjezera. Chenjezo langa ndi ili: musayeze adaputa ili yokha. Mita idzakuonetsani 12V bwinobwino inu n'kuikhulupirira. Imagwa ikasenza katundu. Chophweka n'kutenga ina ya 12V ya mphamvu yofanana kapena yoposa, muone kuti pulagi ndi mbali za moto zikugwirizana, muyeserepo masana amodzi pa soketi yakeyake.

Zinandivutapo ku Songani zaka zapitazo. Golosale inali pafupi ndi chigayo, chigayo chikangolira makina olipirira ankazima. Anyamata awiri anali atasintha kale rauta, wachitatu anasintha makebulo onse.

Grace: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati bandulo ikutha msanga masana ndi Windows imeneyo, imadzikonza yokha n'kudya deta yonse. Ikani `Metered connection`.

Yamikani: Ayi achemwali, bandulo sikutha, netiweki ndi imene ikuduka. A Banda, ekisitenshoni ndi imodzi, fotokope anaigula ine nditaika kale zinthu. Ndaiwala kunena: pulinta ili pa wayifayi, osati pa kebulo. Ndipo pasiwedi anailemba pa khoma kuti ophunzira azitumiza mafayilo kuchokera pa foni.

Tiyamike: Aaa, zimenezo ukanayamba nazo. Ndiye umboni wa pulinta uja wafooka. Marauta ambiri a 4G a kunyumba amalandira zipangizo 32 pa wayifayi, ena zocheperapo. Aliyense amene analowapo, foni yake imadzilumikiza yokha akangofika pafupi, ngakhale ali pa benchi panja. Malo akadzaza, pulinta ikangogona n'kudzuka imapeza khomo lotseka. Palinso DHCP, njira imene rauta imagawira maadiresi ku zipangizo: ngati adiresi imabwerekedwa kwa maola 24, foni ya munthu amene anachoka kalekale imakhala ikadagwirizirabe adiresi, ndipo mafoni a masiku ano amasintha MAC, nambala imene rauta imazindikirira chipangizo, rauta n'kumayesa ndi mlendo watsopano. Kuzimitsa n'kuyatsa kumafufuta mndandanda pa marauta ambiri, n'chifukwa chake zimabwerera pang'ono. Nthawi ya vutoyo lumikiza laputopu yako pa wayifayi ulembe `ipconfig`. Ukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, rauta sinakupatse adiresi. Ukakanidwa kulumikiza kumene, ndi malire a wayifayi aja.

Chimene sichikugwirizana ndi kubwerera kokha 5 koloko. Maadiresi a maola 24 samasuka madzulo omwewo. Malire a wayifayi ndiwo angamasuke anthu akabalalika.

Che Jafali: Anthu akabalalika nsanja nayonso imapuma. Ndi zomwe ndikunena kuyambira pachiyambi. Ndagwira ntchito dera limenelo, sukulu ikatsekera palibe amadandaula.

A Banda a ku Chinamwali: Sukulu ikatsekera fotokope nayonso imapuma, Che Jafali, ndiye zimenezo sizikutisiyanitsira kanthu. Mwina inu mukulondola pa mbali ya intaneti, vuto la pulinta n'kukhala lina. Yamikani, usinthe chinthu chimodzi pa tsiku. Ukasintha adaputa, pasiwedi ndi malo a rauta nthawi imodzi, zikachira sudzadziwa chachiza n'chiti, ndipo zikadzabwerera udzayambiranso pachiyambi. Usadinenso kabatani kofufuta zonse usanajambule masetingi, makamaka APN, imene imalumikiza simukhadi ku intaneti.

Mphatso: Ndipo pasiwedi usasinthe mayiwo osadziwa, malonda awo ali pomwepo. Ngati rauta ili ndi `Guest network` ophunzira uwaike kumeneko, pulinta uikokere kebulo uipatse adiresi yokhazikika. Koma dziwa kuti pa netiweki ya alendo mafoni nthawi zambiri saiona pulinta, ndiye mafayilo azitumiza kwa wapakauntala.

Yamikani: Pulintayo poti ya kebulo ili nayo, ndiona. Mawa ndili ku Domasi, ndikapezekako Lachinayi masana. Alipo ali ndi adaputa ya 12V 2A yoti andibwereke?

Grace: Ndili nayo ya 1.5A, ngati ikukwana mudutse ku Mpondabwino. Akuluakulu, alipo akudziwa komwe kukupezeka makebulo a kopa weniweni mu Zomba muno? Bokosi lomwe ndagula ndi la aluminiyamu wopaka, likungothyoka pa pulagi.

Che Jafali: Amenewo mpaka ku Limbe. Yamikani, popita utenge simukhadi ina m'thumba.