Paketi ya pa PyPI ija: zomwe zidachitika

Sabata yatha ndidafunsa kuti: "Ndaika paketi yanga ya Python pa PyPI, koma anthu akaitsitsa ikukana kugwira ntchito, pomwe pa kompyuta yanga ili bwinobwino. Ndalakwitsa pati?"

Zikomo nonse amene mudandithandiza. Vuto tidalipeza Loweruka, titakhala ndi mnzanga ku Area 47. Kodi yonse idalowa mu wheel, fayilo ya paketi imene anthu amaitsitsa, koma fayilo ya JSON yokhala ndi mayina a maboma 28 a dziko lino idatsala. Kwanga zinkayenda chifukwa fayiloyo inali m'foda momwemo. Tidaitchula mu pyproject.toml pansi pa `[tool.setuptools.package-data]`, n'kumanganso.

Chidandipweteka mtima n'chakuti PyPI salola kutumizanso fayilo ya dzina lomwelo, ngakhale utafufuta yoyambayo. Choncho 0.1.0 idapita basi. Ndidaichita yank kuti pip asamaisankhe yokha, kenako n'kutulutsa 0.1.1.

Mnzangayo adaonanso kuti ndidalibe laisensi. Ine ndinkaganiza kuti chinthu chikakhala poyera aliyense angachigwiritse ntchito, koma ayi, popanda laisensi ufulu wonse umatsala kwa wolemba. Ndidasankha MIT, ndidaika fayilo ya LICENSE ndi `license = "MIT"`.

Tsopano ndisanatulutse ndimachita izi:

```
rm -rf dist && python -m build
twine check dist/*
unzip -l dist/*.whl
```

Lamulo lachitatulo likadandipulumutsa, chifukwa limaonetsa mafayilo onse amene alowa. Twine check imangoyang'ana metadata ndi README, fayilo yosowa siiona. Ndikatero ndimatumiza kaye ku TestPyPI n'kuiyesa mu venv yatsopano, kunja kwa foda ya pulojekiti.