Nyimbo ndinalipira, koma YouTube akuti ndi ya wina

Wa ku Makawa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapangira loji ina kuno kunyanja kanema wotsatsa malonda wa mphindi ziwiri. Nyimbo yapansi sindinatole pa intaneti ayi, ndinagula kwa mnyamata wina wa situdiyo pa boma. Dzulo taika pa tchanelo cha loji, lero pa Restrictions palembedwa Copyright. Bwana wa loji akuti ndichotse msanga tchanelo chisanatsekedwe.

Wa ku Namwera: Achimwene, ingolembani pansi pa kanemayo kuti nyimbo si yanu, mutchule mwini wake. Apo ayi muidule isapitirire masekondi 30. Ine za maukwati ndimatero.

Wa ku Monkey Bay: Musachotse kaye. Zolemba pansizo sizithandiza, kutchula dzina si chilolezo, ndipo lamulo la masekondi 30 kulibe, kachidutswa kochepa amakagwira ndithu. Lowani mu YouTube Studio, pa Content, dinani pomwe palembedwa Copyright, kenako See details. Mutiuze zitatu: ndi claim kapena strike, wadandaula ndani, ndipo agwira kuyambira pati mpaka pati.

Wa ku Makawa: Achemwali, ndi claim. Agwira kuyambira 0:08 mpaka 1:52. Pali dzina la woimba amene sindimudziwa ndi kampani yofalitsa nyimbo yakunja. Kanema akuoneka bwinobwino, sanamutseke.

Wa ku Monkey Bay: Ndiye bwanayo muwauze mtima pansi. Claim imachokera ku Content ID, makina ofananitsa mawu a kanema wanu ndi nyimbo zomwe eni ake analembetsa. Mwini nyimbo amasankha kutseka kanema, kuikamo malonda kuti ndalama zizipita kwa iye, kapena kungoona mmene akuyendera. Tchanelo sichitsekedwa ndi zimenezo. Yoopsa ndi strike, imene imabwera mwini akapempha mwalamulo kuti kanema achotsedwe. Zikakwana zitatu m'masiku 90, tchanelo chikhoza kupita.

Mmene ndikuonera, mnyamata wanuyo bitiyo anagulitsanso kwa woimba. Woimba waikapo mawu, waitumiza kwa ofalitsa, iwo ailembetsa ku Content ID. Makina akamva biti yomweyo mwa inu amati ndi ya amene anayamba kulembetsa. Kapenanso mnyamatayo naye anaitenga kwina. Mufunseni mwachindunji. Nanga munalemberana?

Wa ku Makawa: Kulemberana ayi. Ndili ndi uthenga wa ndalama pafoni ndi zomwe tinkachezerana. Ndamuimbira pompano, wavomera kuti anagulitsanso kwa woimba wa ku Blantyre, akuti samadziwa kuti zifika apa.

Wa ku Malindi: Bwanji osangopita ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo? Lojiyo ngati imalipira laisensi chaka ndi chaka, nyimbo zonse ndi zololedwa basi.

Wa ku Monkey Bay: Ambuje, kulipira ku COSOMA nkoyenera, koma laisensi ya loji ndi yoimbira nyimbo pamalopo, mu bala ndi m'chipinda chodyera. Kulumikiza nyimbo ku kanema wamalonda ndi chilolezo china, chochokera kwa eni nyimbo. Makina a YouTube sayang'ananso risiti imeneyo.

Achimwene a ku Makawa, njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi Replace song momwemo mu Studio, musankhe nyimbo ya mu Audio Library. Kanema sachoka, linki yomwe loji yatumizira alendo imakhala yomweyo. Mungoonetsetsa, zina mmenemo zimafuna mulembe dzina la wopeka pansi pa kanema. Chovuta nchakuti ngati munadula zithunzi za boti ndi za kulowa kwa dzuwa motsata ng'oma ya biti yakaleyo, yatsopano siigwirizana nazo. Ndiponso ngati muli mawu a munthu wofotokoza za loji, mumvetsere bwino musanasunge, angapite limodzi ndi nyimbo.

Yachiwiri ndi Dispute, chifukwa chake musankhe License. Koma yambani mwatenga kalata yosainidwa ndi mnyamatayo, yonena kuti biti anapanga yekha ndipo anakulolezani kuigwiritsa ntchito m'kanema wamalonda pa intaneti. Odandaulawo ali ndi masiku 30 oti ayankhe, akangokhala chete claim imachoka yokha. Akakana mukhoza kupanga apilo, koma pamenepo samalani, chifukwa akhoza kupempha kuti kanema achotsedwe, strike nkugwera tchanelo cha loji, osati chanu. Ine sindingafike pa apilo ndi tchanelo cha kasitomala ndisanadziwe zomwe mnyamatayo anagwirizana ndi woimba uja. Ngati anamugulitsa kuti ikhale yake yekha, kalata yanu ilibe mphamvu.

Wa ku Makawa: Ndikatenga kalatayo mawa. Ndamupemphanso nambala ya woimbayo, mwina iye akauza ofalitsa ake zitha msanga.

Wa ku Monkey Bay: Zimatheka, woimba akalola. Ulendo wina muziyamba mwaika kanema pa Private, muone zomwe Checks, gawo la Studio lofufuza za copyright poika kanema, yanena musanapereke kwa bwana. Ngakhale sizitchinga zonse, claim imatha kubwera patapita miyezi, nyimbo ikalembetsedwa mochedwa.

Wa ku Namwera: Nanga ife a maukwati? Pa perekaniperekani nyimbo amaika ndi wa zoimbira, kamera imangotola. Ndikazimitsa mawu, eni ukwati akuti kanema wafa. Ndisinthe nyimbo anthu akuvina ina?