Ndandanda ya katundu yandibwerera ndi zizindikiro zofiira: 个, 只 kapena 双?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndangoyamba kumene kumasulira pa malo omanga, mabwana ndi a ku China, ogwira ntchito ndi anzathu akuno. Kapitawo anandipatsa ndandanda ya zinthu zofunika kugula kuti ndiike m'Chitchaina: majombo 20, makasu 40, mawilibala 6, zitsulo za konkire 100, ndi aganyu 12 oti awonjezedwe. Mayina a zinthuzo ndinapeza onse, koma pa timawu toika pakati pa nambala ndi dzina paja ndinalemba 个 pafupifupi ponseponse, chifukwa kusukulu anatiuza kuti 个 ameneyu, gè, amalowa paliponse. Pa majombo pokha ndinalemba 只. Wosunga katundu wandibwezera pepala, wazunguliza majombo ndi zitsulo, akufunsa kuti ndikufuna zingati kwenikweni. Nambala ndinalemba bwinobwino. Ndalakwitsa pati?

Bambo Mbewe: Samalani ndi miyezo yawo. Iwo akati 斤 ndi theka la kilo, magalamu 500, kilo yathunthu ndi 公斤. Ine ndinaonapo wophika atalandira theka la mpunga umene anapempha chifukwa cha zimenezi.

Nachisale: Zikomo bambo, ndazisunga, koma pa pepala langa palibe cholemera chilichonse. Zonse ndi zowerenga chimodzichimodzi.

Phiri wa ku Mzuzu: Achemwali, nkhaniyi ndi yophweka kwa ife kuposa kwa azungu. Timati khasu limodzi, chitseko chimodzi, mbuzi imodzi, munthu mmodzi. Palibe amene amati khasu chimodzi. Nawonso ndi choncho, dzina lililonse lili ndi kamawu kake, 量词 kaja. Khasu ndi 把, wilibala ndi 辆 ngati galimoto ndi njinga, ng'ombe ndi 头. Mungoloweza dzina pamodzi ndi kamawu kake basi, vuto latha.

Mayi Nabanda: A Phiri, pa khasu ndi wilibala mwalondola, ndipo kuloweza awiriawiri ndi chizolowezi chabwino. Koma fanizo lanu likadakhala lokwanira, mwanayu sakadabwezeredwa majombo, chifukwa 只 ndi kamawu koyenera ndithu pa nsapato. Kwathu khasu likhala la li- mpaka kalekale, kaya ndi latsopano kaya lathyoka mpini. Kwa iwo dzina limodzi limatha kutenga timawu tiwiri kapena titatu, ndipo kalikonse kamanena kuti mukuwerenga chiyani.

Ganizani za nthochi. Mukatuma mwana kumsika, nthochi zitatu, mapava atatu ndi mikoko itatu si ndalama zofanana. Mawu oti phava ndi mkoko timawagwiritsa ntchito tikafuna, apo ayi timangoti nthochi zitatu. M'Chitchaina malo amenewo sakhala opanda kanthu, ngakhale pa nthochi imodzi: 一根香蕉 ndi imodzi, 一把香蕉 ndi phava.

Ndiye majombo anu, Nachisale. 只 amawerenga chimodzi mwa zinthu zoyenda ziwiriziwiri: dzanja limodzi, diso limodzi, nsapato ya phazi limodzi. Inu polemba 雨靴20只 mwapempha majombo okwanira anthu 10. Kapitawo poti majombo 20 ankatanthauza anthu 20, sichoncho? Ndiye mulembe 雨靴20双. Shuāng ndiye peyala. Wosunga katunduyo wachita bwino kufunsa, wina akadangotulutsa mapeyala 10 nkukusayinitsani.

Nachisale: Eya, ndi a anthu 20. Mu dikishonale ya pa foni, pa 鞋, nsapato, panali CL:, chidule cha timawu towerengerati, kenako 双 ndi 只, ine nkungosankha chimene ndinkachidziwa kale. Nanga zitsulozo? Apo ndinaika 个, si wolakwika kwenikweni eti?

Mayi Nabanda: Pakamwa gè amapulumutsa nthawi zambiri, ndipo eni ake amamugwiritsa ntchito kwambiri pocheza. Akumvani mukati gè pa wilibala, kungoti adziwa kuti mukuphunzira. Pa zitsulo za konkire mpomwe sagwira, chifukwa 钢筋 amagulidwa m'njira zitatu: ndodo imodziimodzi, 根, mitolo, 捆, kapena pa sikelo, 吨. Gè sakusankha chilichonse mwa zitatuzi, nchifukwa chake munthuyo wafunsa. Gēn, 根 uja, ndi wa zinthu zazitali zowonda ngati ndodo, nsungwi, mapaipi, ndudu. Lembani 钢筋100根 ndipo muonjezere kukula kwake ndi kutalika, ngati ndi za mamilimita 12 zotalika mamita 12 munene choncho.

Ine ndimatsata njira iyi. Ndisanatsegule buku lililonse ndimabwerera kwa amene walemba Chichewacho nkumufunsa kuti chimodzi mwa zinthuzi ndi chiyani, phazi kapena peyala, ndodo kapena mtolo. Chichewa chathu chimalola kusanena, ndipo nthawi zambiri mwini wakeyo sanaganizepo nkomwe. Ndikadziwa, ndimayang'ana maonekedwe a chinthucho kuti ndiyerekeze: chogwirira m'manja ngati khasu, mpeni ndi ambulera ndi 把, chathyathyathya ngati pepala, tebulo ndi bedi ndi 张, makina ngati pampu ndi jenereta ndi 台. Koma kuyerekezako sindikukhulupirira kokha. Mpando wamsana ndi 把, buluku ndi 条 limodzi ndi msewu, mtsinje ndi nsomba, pomwe malaya ndi 件. Ndimatsimikiza mu 现代汉语八百词 ya Lü Shuxiang, ya 1980, muli tebulo la mayina ndi timawu tawo. Ndipo choposa buku ndi mapepala akale a ofesi yomweyo. Pemphani kaundula wa katundu, muone mzere wa 单位, wosonyeza muyezo wowerengera katundu, mutsate zimene iwo amalemba.

Phiri wa ku Mzuzu: Ndavomera pa majombo. Koma pa aganyu 12 ndikuti alembe 位, ndi waulemu. Anthu athu nawonso apatsidwe ulemu pa pepala.

Mayi Nabanda: Mtima wake ndaumva, a Phiri, koma pa ndandanda ya ofesi 名 ndiye wozolowereka: 临时工12名. Míng sanyoza, amalembedwanso pa madokotala ndi pa ana a sukulu. Wèi, 位 wanuyo, ndi wa polandira alendo kapena poyamika munthu, monga mukamadziwitsa mabwana kuti kwabwera mafumu awiri, 两位酋长. Onaninso kuti pamenepo awiri ndi 两 osati 二.

Phiri wa ku Mzuzu: Ine ndinalembapo 位 pa ogwira ntchito m'lipoti ndipo palibe anadandaula. Ndipitiriza.

Gondwe: Poti mwayamba, yanga ndi ya mjigo. Injiniya wina amati 一口井, mnzake amalemba 一眼井, onse ndi Atchaina, onse ophunzira. M'lipoti limodzi la mijigo 8 ndinaika onse awiri, wina pa tsamba loyamba wina pa lachitatu, ndipo owerenga anafunsa ngati ndi mitundu iwiri ya zitsime.

Mayi Nabanda: Onse awiri ndi olondola pa chitsime, ngati mmene galu amatengera 只 kapena 条. Vuto linali kusakaniza. Ine ndimaona 眼 kawirikawiri pa mijigo yokumba ndi makina m'malipoti, koma sindinganene kuti ndi lamulo. Funsani amene asayine lipotilo, musankhe kamodzi mpaka kumapeto.

Gondwe: Amene amasayina amasinthana, mwezi uno uyu, mwezi wamawa uyo.

Nachisale: Ndabwerako kwa kapitawo. Zitsulo ndi ndodo 100 za mamilimita 12. Ndalemba 雨靴20双, 锄头40把, 手推车6辆, 钢筋100根, 临时工12名, ndipo pepala lalandiridwa. Koma kapitawo wandionjezera malata 60 ndi misomali. Malata mu kaundula wawo alemba 张. Misomali wangoti "yokwanira", ndiye ndikupita kukamufunsanso ngati ndi mabokosi kapena makilo.

Bambo Mbewe: Akati makilo, mulembe 公斤.